Mafunso ndi mayankho: kuwerenga tchati cha chimanga, mafuta ndi golide, ndi momwe nkhani za katundu zimatembenuzira mtengo

Kodi nambala imene ndikuiona pa tchati cha chimanga ndi mtengo wa chiyani kwenikweni?

Tchati chimene anthu ambiri amatsegula ndi cha msika wa ku Chicago, ku America, ndipo chizindikiro chake pa kompyuta ndi `ZC`. Chimene chikugulitsidwa pamenepo si matumba amene ali pa sikelo lero. Ndi mapangano, kapena kuti makontirakiti, oti chimanga chidzaperekedwa mwezi wakutiwakuti: Marichi, Meyi, Julayi, Seputembala kapena Disembala. Kontirakiti imodzi ndi mabushelo 5,000. Bushelo imodzi ya chimanga imalemera makilogalamu 25.4, choncho kontirakiti yonse ndi matani pafupifupi 127.

Mtengo amaulemba m'masenti a dola pa bushelo imodzi. Mukaona `510'2`, tanthauzo lake ndi masenti 510 ndi magawo 2 mwa magawo 8 a senti, osati 510.2. Kuti nambalayo ikhale yomveka kwa munthu wozolowera matumba, chulukitsani mtengo wa bushelo ndi 39.4, mupeza mtengo wa tani. Madola 5.10 pa bushelo ndi madola pafupifupi 200 pa tani, kapena madola 10 pa thumba la makilogalamu 50. Chimanga chake ndi chachikasu, chimene kwambiri chimapita ku chakudya cha ziweto ndi kufakitale za mafuta a etanolo. Chimanga choyera cha nsima chili ndi msika wake, tifikako.

Nanga timakandulo tofiira ndi tobiriwira timanena chiyani?

Pa tchati cha tsiku ndi tsiku, kandulo imodzi ndi tsiku limodzi la malonda, ndipo imasunga mitengo inayi. Pa sikirini imalembedwa `O`, `H`, `L` ndi `C`: mtengo wotsegulira, wokwera kwambiri tsikulo, wotsika kwambiri, ndi wotsekera. Thupi la kandulo limayambira pa mtengo wotsegulira kukafika pa wotsekera. Likakhala lobiriwira ndiye kuti msika unatseka pamwamba pa pamene unatsegulira. Likakhala lofiira unatseka pansi. Timichira tosongoka pamwamba ndi pansi timasonyeza kumene mtengo unafika koma sunakhazikike.

Pa zinayizo, ine ndimayang'ana kwambiri mtengo wotsekera. Mtengo ukhoza kulumpha m'mphindi zisanu lipoti litangotuluka, koma pamene watsekera ndi pamene anthu a ndalama zambiri avomera kugona ali ndi katunduyo m'manja. Kandulo yokhala ndi mchira wautali pamwamba ndi thupi laling'ono pansi ikunena kuti ogula anakankha mtengo, ogulitsa n'kuubweza wonse tsiku lomwelo.

Ndingadziwe bwanji kuti mtengo ukukwera ndithu, osati kungogwedezeka?

Mtengo suyenda mowongoka. Umakwera, n'kubwerera pang'ono, n'kukweranso. Ndiye yang'anani nsonga ndi zigwa zake. Ngati nsonga iliyonse ikuposa yapita, ndipo pobwerera mtengo ukuima pamwamba pa chigwa chapita, ulendo ndi wokwera. Tsiku limene mtengo walephera kupyola nsonga yakale, kenako n'kutseka pansi pa chigwa chomaliza, ulendowo wasweka.

Ambiri amawonjezera mzere wa avereji ya mitengo yotsekera ya masiku 50 kapena 200, umene pa mapulogalamu umapezeka pa dzina la `MA`. Mzerewu ndi wothandiza kuona kumene zinthu zikulowera, koma umachedwa mwachibadwa chifukwa umawerengera zakale. Pa chimanga, pamene nyengo ikhoza kusintha zonse m'milungu isanu ndi umodzi, avereji ya masiku 200 imadzatembenuka nkhani itatha kale.

Yambani ndi tchati cha mlungu ndi mlungu cha zaka zitatu kapena zisanu, kenako mutsikire ku cha tsiku. Tchati cha mphindi zisanu chisiyeni kwa amene amakhala pa kompyuta usana ndi usiku.

Mungandisonyeze chaka chimodzi chimene nkhani ya zokolola inatembenuza tchati?

Chaka cha 2012 ku America ndi chophunzirirapo chabwino, chifukwa zonse zinachitika mofulumira ndipo tsiku lililonse lalikulu limadziwika.

Kumapeto kwa Marichi, unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, unalengeza kuti alimi akufuna kubzala chimanga pa maekala 95.9 miliyoni, malo aakulu kuposa chaka chilichonse chiyambire 1937. Kubzala kunayenda msanga. M'lipoti la Meyi, undunawo unayerekeza kuti ekala iliyonse itulutsa mabushelo 166, ndipo dziko lonse likolola mabushelo 14.8 biliyoni. Msika unakhulupirira. Kontirakiti ya Disembala, imene imaimira chimanga chimene chikadali m'munda, inkatsika pang'onopang'ono, nsonga iliyonse yotsika kuposa inzake, mpaka pakati pa Juni inali pafupi ndi madola 5.10.

Kenako mvula inadula m'zigawo zimene zimalima chimanga chambiri, monga Illinois, Indiana ndi Missouri, ndipo kutentha kunakula. Chizindikiro choyamba sichinali m'lipoti lalikulu la pamwezi. Chinali m'kalipoti ka Lolemba lililonse kotchedwa Crop Progress, kamene kamanena gawo la mbewu zimene zikuoneka bwino m'minda. Kumayambiriro kwa Juni gawolo linali 72 peresenti. Mlungu ndi mlungu linkatsika, ndipo pofika kumayambiriro kwa Ogasiti linali 23 peresenti basi.

Pa tchati, kusinthaku kunaoneka m'theka lachiwiri la Juni. Mtengo unapyola nsonga za Meyi, unadutsa mzere wa masiku 50, ndipo kangapo msika unkatsegula uli kale pamwamba pa mtengo wokwera kwambiri wa tsiku lapitalo, kusiya mpata wopanda kandulo. Mpata wotere ukapanda kutsekedwa m'masiku otsatira, ndi umboni woti ogulitsa athawa ndipo ogula sakudikira mtengo wabwino. Chifukwa chake chinali cha m'munda: ku America chimanga chimamasula mu Julayi, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti ng'amba ikagunda ngayaye zitatuluka, chisononkho chimakhala ndi mipata ngakhale mvula itabwera pambuyo pake. Chimene chatayika pamenepo sichibwerera mpaka chaka chamawa.

Pa 11 Julayi USDA inatsitsa chiyerekezo kuchoka pa 166 kufika pa 146. Pa 10 Ogasiti inachitsitsanso kufika pa 123.4, ndipo zokolola za dziko lonse zinayerekezedwa pa mabushelo 10.8 biliyoni. Tsiku limenelo kontirakiti ya Disembala inafika pa madola 8.49. Pa masamu athu aja, thumba la makilogalamu 50 linachoka pa madola 10 kufika pafupifupi pa 17, m'milungu isanu ndi itatu.

Ndiye pa 10 Ogasiti, lipoti loipa chonchi, mtengo unapitirira kukwera?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mtengo unalumpha kufika pa 8.49 lipoti litangotuluka, kenako unabwerera n'kutseka pansi pa mtengo wa dzulo lake. Kandulo ya tsikulo ili ndi mchira wautali pamwamba. Chakumapeto kwa mwezi womwewo msika unayesanso kukwera koma sunaifike nsonga ija, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala mtengo unali utayandikira madola 7.

Panali zifukwa ziwiri. Choyamba, chilalacho sichinali nkhani yatsopano kwa aliyense. Amalonda anali ataona minda, ataona zithunzi za zisononkho zopanda njere, ndipo anali atagula kale kwa milungu isanu ndi itatu. Amene ankafuna kugula chifukwa cha chilala anali atagula. Otsala anali oyembekezera mpata wogulitsa kuti atenge phindu. Chachiwiri, lipoti lomwelo linatsitsanso mbali ya ogwiritsa ntchito. Pa mtengo wa madola 8, oweta ng'ombe ndi nkhumba anayamba kuchepetsa ziweto, mafakitale ena a etanolo anachepetsa ntchito, ndipo mayiko ogula anayamba kufunafuna chimanga ku Brazil ndi kwina. Mtengo wokwera unali utayamba kugwira ntchito yake yothamangitsa ogula.

Ndiye musamafunse kuti nkhaniyi ndi yabwino kapena yoipa. Funsani kuti ikusiyana bwanji ndi zimene msika unkayembekezera, ndipo onani momwe mtengo watsekera itatuluka. Nkhani yoipa ikalephera kukweza mtengo umene wakwera kale kwa nthawi yaitali, nthawi zambiri ulendo uli pafupi kutha.

Ndiye ndikangoona kandulo ya mchira wautali pa tsiku la lipoti, ndidziwe kuti mtengo watembenuka?

Musathamange. Pa 11 Julayi pomwepo msika unachita chimodzimodzi: unakwera lipoti litatuluka, n'kutseka pansi pa dzulo. Munthu amene anagulitsa chifukwa cha kandulo imeneyo yokha anapsa, chifukwa patangopita masiku ochepa mtengo unapyola nsongayo n'kupitirira. Maonekedwe a kandulo anali ofanana, koma m'munda zinthu zinali zosiyana. Mu Julayi chimanga chinali chikumasulabe, dzuwa likuwotchabe, ndipo mlungu uliwonse unkawonjezera kuwonongeka. Mu Ogasiti kukula kwa vutolo kunali kutadziwika.

Tchati chokhacho chikanakuuzaninso mukanadikira. Mu Julayi mtengo sunatsike pansi pa chigwa chomaliza, ndipo nsonga inapyoledwa msanga. Mu Ogasiti nsonga inayesedwa n'kukanika, kenako zigwa zinayamba kusweka. Kudikira umboni wachiwiriwu kumakutayitsani kagawo ka ulendo, koma kumakupulumutsani ku makandulo onama, amene ndi ambiri kuposa oona.

Pa manambala ambirimbiri a m'lipoti, ndiyang'ane iti?

Lipoti la pamwezi la USDA limatchedwa WASDE, ndipo kawirikawiri limatuluka cha pakati pa 8 ndi 12 mwezi uliwonse. Masiku ano limatuluka masana ku Washington, imene ndi 6 koloko madzulo ku Lilongwe ndi Lusaka kuyambira Marichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 7 koloko miyezi inayo.

Nambala imene imalemera kuposa zonse ndi ya chimanga chimene chidzatsale m'nkhokwe nyengo ikamatha, poyerekeza ndi chimene dziko limagwiritsa ntchito pa chaka. Mu Meyi 2012 ankayembekezera kuti padzatsala mabushelo pafupifupi 1.9 biliyoni, okwanira milungu isanu ndi iwiri. Mu Ogasiti nambalayo inagwa kufika pa 650 miliyoni, milungu itatu yokha. N'chifukwa chake kuchepa kwa zokolola ndi gawo limodzi mwa anayi kunakweza mtengo ndi zoposa theka. Nkhokwe ikakhala yodzaza, msika umanyalanyaza nkhani ya ng'amba. Ikakhala pafupi kuuma, mtambo uliwonse umene walephera kugwetsa mvula umaoneka pa tchati.

Pa tchati changa ndikuona mtengo utagwa kwambiri tsiku limodzi, koma palibe nkhani iliyonse. Chinachitika n'chiyani?

Onani ngati silinali tsiku limene kontirakiti imodzi inatha n'kulowa ina. Tchati cha zaka zambiri chimapangidwa polumikiza makontirakiti otsatizana, ndipo pa pulogalamu ya matchati ya TradingView chimaoneka ndi dzina ngati `ZC1!`. Mu Julayi 2013, kontirakiti ya Julayi, ya chimanga chochepa chija chotsala ku chilala, inali pafupi ndi madola 7, pamene ya Disembala, ya mbewu yatsopano imene inkaoneka bwino, inali pafupi ndi madola 5. Tchati cholumikiza chikamachoka ku chimanga chakale kupita ku chatsopano chimasonyeza kugwa kumene palibe kontirakiti imodzi imene inagwa chotero. Mukafuna kutsatira nkhani ya nyengo, tsegulani kontirakiti ya mwezi umodzi n'kukhala nayo.

Kusiyana kwa miyeziku nakonso ndi uthenga. Mwezi wapafupi ukakhala wodula kuposa wakutali, katundu ndi wosowa lero. Ukakhala wotchipa, katundu wachuluka ndipo msika ukulipira anthu kuti amusunge. Zimenezi zinafika posauzana pa mafuta pa 20 Epulo 2020, pamene kontirakiti ya Meyi ya mafuta a ku America otchedwa WTI inatseka pa madola 37.63 pansi pa ziro. Matanki a ku Cushing, ku Oklahoma, kumene mafutawo amaperekedwa, analibe malo obwereka, kontirakiti inkatha mawa lake, ndipo amene anali nayo analolera kulipira kuti wina awalandire mafutawo. Kontirakiti ya Juni tsiku lomwelo inali pamwamba pa madola 20.

Mafuta nawo amamvera nkhani ngati chimanga?

Amamvera, koma funso loyamba pa mafuta ndi lakuti katundu wasowayo asowa kwa nthawi yaitali bwanji. Loweruka pa 14 Seputembala 2019, malo oyengera mafuta a ku Abqaiq ndi zitsime za ku Khurais ku Saudi Arabia anaphulitsidwa, ndipo migolo 5.7 miliyoni pa tsiku inaima, pafupifupi 5 peresenti ya mafuta a dziko lonse lapansi. Msika utatsegula, mafuta a Brent, oyezerapo mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse lapansi, amene Lachisanu anali pafupi ndi madola 60 pa mgolo wa malita 159, analumpha ndi pafupifupi 20 peresenti, n'kutseka Lolemba cha pa madola 69. Mpata unali waukulu kwambiri pa tchati. Koma Saudi Arabia inapitiriza kutumiza mafuta kuchokera m'matanki ake, inalengeza kuti makina akonzedwa mwezi usanathe, ndipo pasanathe milungu itatu mpata wonse unatsekedwa. Kunali kulumpha, osati ulendo watsopano.

Yerekezani ndi 27 Novembala 2014. Mafuta anali atayamba kale kutsika kuchoka pa madola 115 mu Juni, chifukwa zitsime zatsopano za ku Texas ndi North Dakota zinkathira mafuta ambiri pa msika. Anthu ankayembekezera kuti bungwe la OPEC, la mayiko ogulitsa mafuta kunja, lichepetsa mafuta kuti mtengo uime. Pa msonkhano wa ku Vienna tsiku limenelo linakana. Palibe chimene chinaphulika, palibe chithunzi cha moto, koma chigamulocho chinatanthauza mafuta ochuluka mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo unapitirira kutsika mpaka pansi pa madola 30 mu Januwale 2016. Nkhani yaphokoso inasuntha tchati milungu iwiri. Yachete inachisuntha kupitirira chaka.

Nanga golide? Mgodi waukulu ukatsekedwa, mtengo sukwera?

Kawirikawiri sukwera kwenikweni. Chimanga chimadyedwa, mafuta amapsa, koma golide amene anakumbidwa kale alipobe: matani oposa 200,000 m'mabanki, m'mphete ndi m'mikanda. Migodi yonse pamodzi imawonjezera matani pafupifupi 3,600 pa chaka, osakwana 2 peresenti. Mgodi umodzi ukaima, dzenje lake silioneka.

Tchati cha golide, chimene chimalembedwa `XAUUSD` ndipo chimapereka mtengo wa aunsi ya magalamu 31.1, chimamvera chiwongoladzanja cha ku America, mphamvu ya dola, mantha a nkhondo, ndi mabanki aakulu a mayiko, amene mu 2022, 2023 ndi 2024 ankagula matani oposa 1,000 chaka chilichonse. Pa golide, tsiku lofunika kulemba pa kalendala ndi la msonkhano wa banki yaikulu ya America, osati la lipoti la migodi.

Ine ndili ku Malawi kapena ku Zambia. Tchati cha Chicago chikundikhudza pati?

Chimakukhudzani patali. Chapafupi ndi cha chimanga choyera cha ku South Africa, pa msika wa JSE, wa ku Johannesburg, umene amalonda amautchulabe kuti SAFEX. Chizindikiro chake ndi `WMAZ`, kontirakiti ndi matani 100, mtengo uli m'marandi pa tani, ndipo amauwerengera ngati chimangacho chili ku Randfontein, kufupi ndi Johannesburg. Kontirakiti ya Julayi ndiyo ya mbewu yatsopano, ndipo malipoti amene amaigwedeza ndi a komiti yoyerekeza zokolola ya dzikolo, Crop Estimates Committee. Nthawi yoopsa ndi Januwale ndi Febuluwale, monganso kwathu.

Tchatichi chili ndi pansi pake ndi denga lake, ndipo zonse zimachokera ku mtengo wa kunja ndi mphamvu ya randi. Chaka cha zokolola zambiri, mtengo umatsika mpaka pamene kutumiza chimanga kunja kumayamba kupindulitsa. Chaka cha chilala, umakwera mpaka pamene kuitanitsa chimanga pa sitima kumayamba kupindulitsa. Pakati pa ziwirizi pali mtunda waukulu, wa ndalama za sitima, doko ndi galimoto, ndipo nkhani ya mvula ikhoza kuyendetsa mtengo mtunda wonsewo m'miyezi iwiri kapena itatu. Chilala cha El Niño chitapsereza minda ya m'zigawo za Free State ndi North West ku South Africa, chimanga choyera chinapyola marandi 5,000 pa tani mu Januwale 2016, ndipo dzikolo linaitanitsa chimanga choyera ku Mexico. Zokolola za chakacho zinali matani pafupifupi 7.8 miliyoni. Mu 2017 zinapitirira matani 16 miliyoni, mtengo n'kugwa pansi pa marandi 2,000. Mu 2024 ng'amba ya Febuluwale inabwerezanso, chaka chimene Zambia ndi Malawi analengeza kuti agwa m'ngozi ya chilala.

Komabe mtengo wa ndowa pa msika wa Lizulu kapena wa Jenda uli ndi zake zimene tchati cha Johannesburg sichiona: chiletso chotumiza chimanga kunja, chimanga cholowa kuchokera ku Mozambique ndi Tanzania, tsiku limene ADMARC yatsegula misika, ndi kwacha. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wogulidwa ndi ndalama zakunja anadula ngakhale tchati cha kunjako chisanasunthe. Pa mitengo ya m'misika ya ku Malawi, lipoti la pamwezi la chimanga la bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI ndilo loyenera kuika pambali pa tchaticho.

Ndikadziwa zonsezi, ndingayambe kugula ndi kugulitsa pa foni?

Werengani kaye masamu a kontirakiti imodzi. Pa chimanga cha ku Chicago, senti imodzi pa bushelo ndi madola 50 pa kontirakiti. Mu 2012 msika unkaloledwa kusuntha masenti 40 pa tsiku, ndipo masiku ena unkafikadi pamenepo: madola 2,000 pa kontirakiti imodzi, tsiku limodzi. Mtengo ukagunda malirewo, amene ali kumbali yolakwika amasowa womugula kapena womugulitsa. Lamulo loti kompyuta ikutulutseni mtengo ukafika pakutipakuti silithandiza msika ukatsegula utalumpha kale malowo. Mumatulutsidwa pa mtengo woyamba umene wapezeka.

Mapulogalamu ambiri a pa foni sagulitsa makontirakiti enieniwa. Amagulitsa kubetcha pa kusiyana kwa mtengo, kumene kumalembedwa `CFD`, ndi ndalama zobwereka zochuluka kwambiri kuposa zimene mwaikamo, ndipo amadula kandalama usiku uliwonse umene mwagona ndi malondawo. Ku Britain ndi ku Ulaya makampani otere amakakamizidwa kulemba poyera gawo la makasitomala awo amene amaluza, ndipo nambala yake kawirikawiri imaposa theka patali. Kwa wamalonda wa chimanga, woweta nkhuku wogula chakudya, kapena mwini chigayo, phindu la tchati lili posankha mwezi wogula ndi kuchuluka kwa matumba osunga: mtengo wa `WMAZ` wa Julayi ukayamba kupyola nsonga zake mu Febuluwale mvula itadula, ndiye kuti chimanga choitanitsa kum'mwera chaka chimenecho chidzakhala chodula, ndipo nthawi yodzaza nkhokwe ndi ya kukolola, Meyi ndi Juni, mavenda asanakweze.